N'chifukwa chiyani Y wakwera ndi 200 osati 500?

"Anzanga, ndithandizeni. Funso likuti c = 0.8, t = 0.25, m = 0.1, ndipo boma laonjezera 100 miliyoni pa ndalama zomwe limagwiritsa ntchito. Ine ndapeza kuti Y akwera ndi 500 miliyoni, koma mayankho akuti 200. Ndaphonya pati?"

Mnzanga, tikumbutsane kaye kuti Y ndi ndalama zonse zomwe anthu m'dziko amapeza, c ndi gawo lomwe anthu amagwiritsa ntchito pa ndalama zoonjezera zotsala msonkho utachotsedwa, t ndi gawo lopita ku msonkho, ndipo m ndi gawo logulira katundu wakunja. Inu mwagwiritsa ntchito 1/(1 − c), yomwe imakhoza pokhapokha ngati ndalama zikuthawira kumodzi kokha, kosunga. M'funso lanuli chidebe chabooka patatu.

Tiyeni tiilondole 100 miliyoniyo. Boma lalipira omanga msewu, iwo alandira 100. Msonkho watengapo 25, kwatsala 75. Anthu amagwiritsa ntchito 0.8 ya zotsalazo, ndiye kuti 60, n'kusunga 15. Koma mwa 60 ameneyu, 10 wagula katundu wochokera kunja, wakalemeretsa opanga a dziko lina. Choncho zofika m'manja mwa ogulitsa ndi opanga am'dziko muno ndi 50 basi. Iwonso zawachitikira zomwezo, apatsira ena 25, kenako 12.5, kumacheperachepera choncho. Mukaphatikiza zonse mupeza 200.

Njira yachidule ndi iyi, pomwe k ndi nambala yochulukitsira ndalama zomwe boma laonjezera, ΔG, kuti tipeze kukwera kwa Y:

```
k = 1 / (1 − c(1 − t) + m)
k = 1 / (1 − 0.6 + 0.1) = 2
ΔY = k × ΔG = 200
```

Ambiri amagwa pa m, amamuchotsera m'malo momuphatikiza, n'kupeza 3.33. Ukangoona kuti kugula zakunja kwakulitsa k, dziwa kuti walakwa chizindikiro. Onetsetsaninso kuti m akuwerengedwa pa chiyani. Ine ndamuika pa Y yense, monga mabuku ambiri amachitira. Funso likanena kuti ali pa ndalama zotsala msonkho utachotsedwa, pansi pamakhala 1 − (c − m)(1 − t) ndipo k amakhala 2.11. Msonkho wokhazikika, wosasintha ndi zomwe munthu wapeza, sulowamo mu k.

Ine ndimakonda kutsimikiza yankho powerenga zomwe zathawa, chifukwa ziyenera kufanana ndi zomwe boma linathira. Pa 200, msonkho ndi 50. Kwatsala 150, ndipo 0.2 yake, yosungidwa, ndi 30. Zakunja ndi 20. Zonse pamodzi 100 ndendende. Apa muonanso kuti boma labweza theka la ndalama zake kudzera mu msonkho.

Pamayeso lembani 200, koma kunja kuno nambalayi ili ndi malire. Imafuna kuti pakhale anthu ndi makina ongokhala, apo ayi zomwe zimakwera ndi mitengo osati katundu. Boma likachita kukongola ndalamazo chiwongoladzanja n'kukwera, amalonda amachepetsa ntchito zatsopano. Komanso ngati pa 100 uja boma lenilenilo lagulira 40 makina ochokera kunja, zoyamba kuzungulira m'dziko ndi 60, ndipo Y akwera ndi 120 yokha.