Kodi 72 amanena zoona pa chiwongoladzanja cha kuno kwathu?

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Matawale. Ndasunga K500,000 ndipo ndapeza malo omwe akuti azindipatsa chiwongoladzanja cha 24 peresenti pachaka ndikaitsekera. Mlamu wanga akuti ndingogawa 72 ndi 24, yankho ndi 3, ndiye kuti pakatha zaka zitatu ndidzakhala ndi miliyoni. Kodi masamu amenewa ndiwadalire? Ndikufuna kudzalipirira mwana ku koleji."

Amayi, alamu anu sanakunamizeni, njirayi ilipodi ndipo ndi yakalekale. Katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, anailemba kale mu 1494. Koma pa 24 peresenti, ngati chiwongoladzanjacho chikuwonjezedwa kamodzi pachaka, miliyoni simudzaipeza pakatha zaka zitatu. Tiyeni tiwerengere limodzi, chaka ndi chaka, kuti muone ndi maso anu.

Chaka choyamba, 24 peresenti ya K500,000 ndi K120,000, ndiye mudzakhala ndi K620,000. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja sichiwerengeredwanso pa K500,000 ija ayi, chiwerengeredwa pa K620,000 yonse, ndipo chidzakwana K148,800. Ndalama yafika pa K768,800. Chaka chachitatu chiwongoladzanja ndi K184,512, ndipo zonse pamodzi ndi K953,312. Yatsala K46,688 kuti ikwane miliyoni, ndipo kuti imeneyi ipezeke mufunika kudikirabe pafupifupi miyezi itatu. Kwa munthu amene akungofuna chithunzithunzi, kuphonya ndi miyezi itatu pa zaka zitatu si vuto. Koma inu mukuwerengera tsiku lolipira fizi, ndipo ku koleji sadikira kuti ndalama ikhwime.

Chifukwa chake n'chakuti 72 si nambala yochokera m'masamu enieni a nkhaniyi. Masamu enieni amatulutsa 69.3, koma iyi imagwira ntchito pokhapokha chiwongoladzanja chikamawonjezedwa mosalekeza, mphindi iliyonse, zomwe sizichitika pa akaunti wamba. Chikamawonjezedwa kamodzi pachaka, ndalama imachedwerapo pang'ono, choncho nambala yoti tigawe imayenera kukwera. Kukwera kwake kumadalira kukula kwa chiwongoladzanjacho. Pa 2 peresenti nambala yoyenera ndi 70. Pa 8 peresenti ndi 72. Pa 24 peresenti yadutsa kale 77. Anthu anasankha 72 pa zifukwa ziwiri: imagawika mosavuta ndi 2, 3, 4, 6, 8, 9 ndi 12 popanda pensulo, komanso imakhoza bwino pa chiwongoladzanja cha pakati pa 6 ndi 10 peresenti.

Pa 8 peresenti pomwepo kulondola kwake n'kodabwitsa ndithu. Gawani 72 ndi 8, mupeza zaka 9. Mukasunga K500,000 pa 8 peresenti kwa zaka 9, imafika pa K999,502. Yaphonya ndi ndalama yosakwana K500 yokha. Pa 12 peresenti njirayi imati zaka 6 pamene zenizeni ndi zaka 6 ndi mwezi umodzi ndi theka, zomwe palibe angadandaule nazo. Koma mukamakwera, mpata umakula, ndipo nthawi zonse umakulira mbali imodzi: njirayi imalonjeza nthawi yaifupi kuposa yeniyeni. Pa 36 peresenti imati zaka ziwiri, koma pakatha zaka ziwirizo K500,000 imakhala itangofika pa K924,800. Ngati mukufuna kuona pomwe imathera mphamvu, yesani 72 peresenti. Imati chaka chimodzi, pamene mwana wa Sitandade 8 angakuuzeni kuti K500,000 kuwonjezapo 72 peresenti ndi K860,000, osati miliyoni.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti tiyenera kusamala tikamabwereka nzeru zolembedwa kwina. Kumayiko komwe njirayi imaphunzitsidwa kwambiri, chiwongoladzanja ndi kukwera kwa mitengo nthawi zambiri sizifika 10 peresenti, ndiye 72 amawakwanira. Ife manambala athu amakonda kukhala a m'ma 20 ndi m'ma 30, kumene 72 wayamba kale kuterereka.

Mwamwayi kukonza kwake n'kosavuta, ndipo mungathe kuchita pamtima. Onani kuti chiwongoladzanja chanu chaposa 8 ndi zingati, gawani kusiyanako ndi 3, ndipo yankho muliphatikize pa 72. Kwa inu, 24 waposa 8 ndi 16. Mukagawa 16 ndi 3 mupeza 5 ndi kanyenyeswa. Ndiye m'malo mwa 72 gwiritsani ntchito 77. Mukagawa 77 ndi 24 mupeza 3.2, kutanthauza zaka zitatu ndi miyezi iwiri ndi theka, zomwe zikugwirizana ndi zomwe tawerengera pamwambapa. Pa 30 peresenti nambala yake ndi 79, pa 36 peresenti ndi 81. Ngati muli ndi kompyuta ya kusukulu yokhala ndi Excel, lembani izi m'kabokosi kamodzi, yankho lenileni lituluka, lomwe ndi 3.22:

```
=LN(2)/LN(1+0.24)
```

Komabe, amayi, miyezi itatu imeneyi si imene ikundidetsa nkhawa kwambiri. Pali funso lina lomwe lingasinthe yankho lanu ndi chaka chathunthu, ndipo 72 sangakuyankhireni: chiwongoladzanjacho chikuwonjezedwa liti, ndipo chikupita kuti?

Njira ya 72 imatengera kuti chiwongoladzanja chilichonse chikubwerera m'thumba lomwelo n'kumabala chinzake. Zili ngati khola la mbuzi lomwe ana obadwa sagulitsidwa, amakula n'kuyamba kubereka nawonso. Ngati malo mwapezawo amatumiza K120,000 ija ku akaunti yanu ina chaka chilichonse, inu n'kumaigwiritsa ntchito kapena kungoisiya osaitsekeranso, ndiye kuti ikubala ndi K500,000 yokha. Pamenepo 72 alibe ntchito. Mugawe 100 ndi 24, ndipo yankho ndi zaka zinayi ndi miyezi iwiri. Chomwechonso ngati ndalamayo imatsekeredwa kwa miyezi itatu, isanu ndi umodzi kapena chaka: nthawiyo ikatha muyenera kuonetsetsa kuti yatsekeredwanso pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo dziwani kuti pokonzanso mgwirizano akhoza kukupatsani peresenti ina, yotsika kapena yokwera. Njirayi imafuna peresenti yosasintha kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza.

Zikhozanso kupita mbali yabwino. Ngati "24 peresenti pachaka" ikutanthauza 2 peresenti mwezi uliwonse yomwe imaphatikizidwa ku ndalama yanu pakutha pa mwezi, zinthu zimafulumira. Apa muwerengere m'miyezi: 72 kugawa ndi 2 ndi miyezi 36, ndipo zenizeni ndi miyezi 35. Pakutha pa zaka zitatu mudzakhala ndi pafupifupi K1,020,000, ndipo alamu anu adzakhala atakhoza. Choncho peresenti imodzimodziyo, 24, ikhoza kukufikitsani pa miliyoni m'miyezi 35, m'miyezi 39, kapena m'miyezi 50. Musasainire pepala musanadziwe kuti yanu ndi iti mwa zitatuzi. Afunseni akulembereni ndalama yeniyeni, m'makwacha, yomwe mudzakhala nayo pakutha pa chaka choyamba. Akalemba K620,000 ndiye kuti ndi kamodzi pachaka. Akalemba pafupifupi K634,000 ndiye kuti ndi mwezi ndi mwezi.

Akalemba yochepera pa K620,000, mwina achotsapo msonkho. Chiwongoladzanja chimadulidwa msonkho chisanafike m'manja mwanu, ndipo peresenti yoti mugawe nayo ndi yomwe yatsala, osati yomwe ili pa chikwangwani. Tiyerekeze kuti akudula gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye kuti 24 watsika kufika pa 19.2. Mukawerengera chaka ndi chaka monga tinachitira poyamba paja, pakutha pa zaka zitatu muli pa K846,835, ndipo miliyoni mukuidutsa chakumapeto kwa chaka chachinayi, pamene ndalama ikufika pa K1,009,427. Zaka zitatu za alamu anu zasanduka zinayi, ndipo mbali yaikulu ya kusiyanaku siyikuchokera kwa 72 ayi, ikuchokera pa nambala yomwe tinamugawa nayo.

Pomwe njirayi imandithandiza kwambiri ine ndi pa mitengo ya zinthu, chifukwa imagwira ntchito pa chilichonse chokwera ndi peresenti. Ofesi ya boma yowerengera zinthu, National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, imalengeza mwezi uliwonse mlingo wa kukwera kwa mitengo. M'chaka cha 2024, pambuyo pa kugwetsedwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlingowu unali cha m'ma 30 peresenti. Pa liwiro lotere, 72 amati mitengo imawirikiza kawiri pa zaka ziwiri ndi miyezi isanu, ndipo mukakonza ndi 79 mupeza zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Aliyense amene amagula mafuta ophikira ndi shuga mumsika wa Zomba sangadabwe nazo.

Tsopano ikani manambala awiriwa pamodzi. Ndalama yanu ikutenga zaka zinayi kuti iwirikize kawiri. Ngati mitengo ikanapitirira kukwera ndi 30 peresenti zaka zonse zinayizo, katundu wa K500,000 lero akanadzafika pa K1,428,050, ndipo miliyoni yanu ikanagula zomwe lero zimagulidwa ndi K350,000. Sindikunena izi kuti musiye kusunga. Ndalama yogonera pansi pa matiresi imafooka mwachangu kuposa pamenepa, ndipo kukwera kwa mitengo kukatsika kufika pansi pa 19 peresenti, inu mwayamba kupindula. Ndikungofuna kuti mukamawerengera za mwanayu, muwerengere kawiri: kamodzi pa ndalama yanu, kachiwiri pa zomwe ndalamayo idzalipire. Fizi siikwera mwezi ndi mwezi ngati tomato, imatha kukhala chete kwa nthawi kenako n'kudumpha kamodzi, koma lendi ya mwana, chakudya, thiransipoti ndi mabuku zimatsatira mitengo ya pamsika.

Ndiye mukapita kukakambirana nawo, tengani kope. Akakupatsani ndalama ya pakutha pa chaka choyamba, msonkho ndi zolipiritsa zina atachotsa, igaweni ndi K500,000. Tinene kuti alemba K596,000: yankho ndi 1.192. Pa foni yanu chulukitsani 500,000 ndi 1.192, yankholo mulichulukitsenso ndi 1.192, mpaka mutafika chaka chomwe mwana akuyamba koleji. Nambala yomwe ituluke pa chaka chimenecho ndi imene muiyerekeze ndi fizi, ndipo ikaperewera mudziwa kuyambira pano kuti muziwonjezapo zingati mwezi uliwonse kuchokera pa malipiro anu.