Kanema wa matumba a PICS atalike bwanji?

"Gulu lathu la alimi kwa Kamwendo, ku Mchinji, tajambula kanema wa mphindi 12 wophunzitsa kusunga chimanga m'matumba a PICS, koma anthu akuti watalika. Timufupikitse mpaka pati, nanga tichotse chiyani?"

Mayi, musanadule chilichonse, ganizirani kumene anthu adzamuonere, chifukwa mlimi wolandira kanema pa WhatsApp amayamba wayang'ana kukula kwa fayilo, ndipo akaona kuti imudyera bandulo yonse, saitsegula n'komwe. Kumeneko ine sindipitirira mphindi ziwiri. Wautaliyo musamutaye, koma mumuike pa YouTube, kumene munthu amapita atafuna yekha phunzirolo, kapena muzimuonetsa pa msonkhano wa gulu.

Chaka chatha ndinathandiza gulu lina ku Kasungu lomwe linajambula phunziro lomweli kwa mphindi 11. Titakhala pansi ndi kope n'kulemba zochitika m'mphindi iliyonse, tinapeza kuti zitatu zoyambirira zinali za pemphero, malonje ndi kuthokoza amfumu, ndipo thumba linali lisanaoneke. Zimenezi tinazisiya mu kanema wautali, poti ulemu kwa akuluakulu sitingauponye kutali, koma wamfupi tinamuyamba ndi dzanja lodzaza chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe, kenaka thumba. Tinachotsanso malo amene mlangizi ankafotokoza ndi pakamwa zinthu zomwe manja ake anadzaonetsa pambuyo pake, komanso kuthira chimanga ndowa ndi ndowa, pakuti ndowa yoyamba ndi yomaliza zikukwanira.

Chimene sitinakhudze ndi kumanga. Thumba la PICS lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha, mpweya utafinyidwa kuti utuluke. Apa ndi pamene alimi amalakwitsa, choncho gawoli tinalisiya lathunthu, kamera ili pafupi ndi zala, ngakhale linatenga pafupifupi theka la kanema wa mphindi ziwiriyo. Pali kulakwitsa kumodzi kumene tinachita: pothamangira kufupikitsa tinachotsa chenjezo loti chimanga chiyambe chauma bwino, ndipo bambo wina atafunsa ngati angathire chongokolola kumene, tinabwezeramo masekondi 10 amenewo.

Mukaika kanemayo pa YouTube, tsegulani YouTube Studio n'kuona mzere wa "Audience retention", umene umasonyeza pamene oonera akusiyira kuonera. Ukatsika mwamphamvu m'masekondi 30 oyambirira, vuto ndi chiyambi, osati kutalika kwa kanema yense, ndipo pamene wakwera pang'ono ndiye kuti anthu akubwereza gawolo, kotero musalidule. WhatsApp siikupatsani mzere wotere, ndiye mupatse foni mlimi yemwe kunalibe tsiku lojambula, inu mukhale chete pambali pake, muone pamene wayamba kuyang'ana kwina, ndipo akamaliza mumupatse thumba kuti amange.