Kalata ya namwino wosiya ntchito kuti akapitirize maphunziro

"Ndine namwino pachipatala china cha mpingo kuno ku Mzuzu, ndagwirapo zaka zinayi ndipo ndimalandira pamwezi. Andisankha kukachita digiri ya unamwino ku Lilongwe, sukulu ikutsegulidwa pa 6 Okutobala. Ndikufuna kulemba kalata yaifupi komanso yaulemu chifukwa abwana anga akhala nane bwino. Ndilembemo chiyani, ndipo ndiipereke liti?"

Mayi, kalata yaifupi ndiye yabwino, koma musanagwire cholembera tulutsani kaye kontirakiti yomwe munasayina polowa ntchito pamodzi ndi buku la malamulo a pachipatalapo. Mufunemo zinthu ziwiri: ngati muli mwayi wa tchuthi cha maphunziro, komanso ngati munasayinapo bondi, pangano loti mudzawagwirira ntchito zaka zakutizakuti chifukwa anakulipirirani maphunziro. Ndikulimbikira apa chifukwa kalata yosiya ntchito ikangofika m'manja mwa abwana, simungaibweze mwa inu nokha. Ngati thandizo la fizi lomwe mukulidalira litalephereka mu Seputembala, kubwerera kwanu kudzadalira chifundo chawo. Pomwe munthu amene wapita patchuthi cha maphunziro, ngakhale chosalipidwa, amakhalabe wantchito wa pamalopo ndipo zaka zake sizidukira panjira. Kafunseni kaye, ndipo funsani polemba. Akakana, kapena ngati inuyo mwatsimikiza kuti simudzabwererakonso, ndiye tiyeni ku kalatayo.

Chomwe chimapweteka anthu m'kalata ngati iyi ndi tsiku. Gawo 29 la lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati munthu wolandira malipiro pamwezi, yemwe kontirakiti yake ilibe tsiku lothera, apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo ikhale yolembedwa. Kuwauza a metironi pakhonde la wodi si notisi. Mwezi umodziwo ndi wochepetsetsa womwe lamulo limalola. Ngati kontirakiti yanu ikunena miyezi itatu, tsatirani itatuyo. Ndipo powerengera, yambirani tsiku lomwe kalata yalandiridwa, osati lomwe munailemba kunyumba.

Tiyerekeze kuti notisi yanu ndi ya mwezi umodzi ndipo mumalandira K600,000. Mukapereka kalata pa 28 Ogasiti n'kunena kuti tsiku lanu lomaliza ndi 30 Seputembala, mwakwanitsa mwezi ndi masiku ochepa apamwamba, mulandira malipiro onse a Seputembala, ndipo mutsala ndi masiku asanu olongedza katundu ndi kukwera basi. Koma mukazengereza mpaka pa 15 Seputembala n'kuchokabe pa 30, mwagwira theka chabe la notisi. Gawo 30 limati wantchito wochoka notisi isanakwane alipire abwana ndalama yofanana ndi malipiro a masiku otsalawo, ndiye kuti kwa inu pafupifupi K300,000, pa nthawi yomwe fizi ndi lendi zikukudikirani. Abwana ali ndi ufulu wokukhululukirani masikuwo. Akatero, apempheni alembe, chifukwa amene wakuuzani pakamwa kuti "pitani, palibe vuto" si amene amawerengera malipiro ku akaunti.

Kalatayo mudzailemba m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha kuntchito, koma mfundo zake zisapitirire izi. Pamwamba ikani adiresi yanu ndi tsiku, muilembere kwa mkulu wa chipatala kapena amene anasayina kalata yokulembani ntchito, kudzera kwa a metironi.

Wokondedwa Bwana,

KUSIYA NTCHITO YA UNAMWINO

Ndalemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya unamwino pachipatala chino kuti ndikapitirize maphunziro. Kalata ino ndi notisi yanga ya mwezi umodzi, ndipo tsiku langa lomaliza kugwira ntchito lidzakhala 30 Seputembala.

Ndikuthokoza chifukwa cha zaka zinayi zomwe ndagwira nanu ntchito ndi zonse zomwe ndaphunzira pano. Ndidzasiya ntchito za muwodi m'manja mwa amene mudzamusankhe tsikulo lisanafike. Ndikupempha kuti mundikonzere malipiro anga otsala, a masiku a tchuthi omwe sindinatenge, komanso satifiketi yosonyeza kuti ndinagwira ntchito pano.

Ine wanu wokhulupirika,

Pansi pake musayine, mulembe dzina, udindo ndi nambala yanu ya ntchito. Basi. Mawu akuti "ndikusiya" ndawasankha dala. Ambiri, pofuna kusonyeza ulemu, amalemba kuti "ndikupempha kuti mundilole kusiya", ndipo kalata yotere imakhala mufayilo ngati pempho lodikira yankho, masiku n'kumapita. Kusiya ntchito ndi ufulu wanu, simupempha chilolezo, mumangodziwitsa. Ulemu wanu uli m'ndime yachiwiri ija, ndipo ndi wokwanira.

Konzani makope awiri. Limodzi musiye ku ofesi, linalo akudindireni chidindo chokhala ndi tsiku ndi sayini ya wolandira, mupite nalo kunyumba. Pakadzabuka mkangano wa notisi, kapepala kameneko ndiye mboni yanu.

Tsopano za bondi, zomwe zimadabwitsa anamwino ambiri. Ngati chipatalacho chinakulipirirani maphunziro ena, mwachitsanzo a uzamba, n'kutheka kuti munasayina kuti mudzawagwirira zaka zakutizakuti. Bondi siingakumangirireni pantchito, koma ingakusiyeni ndi ngongole. Werengani bwino ngati ikunena kubweza ndalama zonse kapena gawo lolingana ndi nthawi yotsala. Ngati anawononga K1,800,000, bondi ndi ya zaka zitatu, inu mwagwira ziwiri, kubweza molingana ndi nthawi yotsala ndi K600,000 osati yonse. Nkhaniyi musaiphatikize m'kalata yosiya ntchito. Kambiranani padera ndipo zomwe mwagwirizana, kuphatikizapo kabwezedwe ka pang'onopang'ono, zilembedwe.

Pochoka, yembekezerani malipiro a masiku omwe mwagwira ndi a tchuthi chomwe simunatenge, ndipo gawo 53 limati ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha. Ndalama ya chipukutamisozi yotchulidwa m'gawo 35 musaiwerengere. Chisinthireni lamuloli mu 2010, imaperekedwa kwa amene achotsedwa chifukwa chochepetsa antchito kapena mavuto a zachuma a olemba ntchito, kapenanso amene achotsedwa mopanda chilungamo, osati wosiya yekha kukaphunzira. Penshoni yanu ndiye siitayika. Zomwe inu ndi abwana mwakhala mukusonkha zimakhalabe m'dzina lanu, ingotengani nambala ya akaunti ndi sitetimenti yomaliza musanachoke. Satifiketi ija, malinga ndi gawo 31, amayenera kukupatsani mukaipempha, n'chifukwa chake ndaiika m'kalatamo.

Mwezi wa notisiwo gwirani mashifiti anu onse, ausiku omwe. Mukafuna kugwiritsa ntchito masiku a tchuthi kuti muchoke msanga, mugwirizane kaye ndi abwana polemba, apo ayi adzati mwathawa ntchito, ndipo kwa namwino kusiya odwala opanda wowayang'anira kungafike mpaka ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Makiyi a kabati ya mankhwala ndi kaundula wake muzipereke powerengera pamodzi ndi wolandirayo, nonse musayine. Layisensi yanu nayo isafe muli pasukulu, poti mudzaifuna pochita maphunziro a muwodi ngakhale pogwira maganyu nthawi ya holide.

Masiku asanu ndi awiri aja akadutsa ndalama zanu osaoneka, alembereni kalata yowakumbutsa. Zikakanikabe, pitani ku ofesi ya leba konkuno ku Mzuzu mutanyamula kontirakiti, mapepala a malipiro a miyezi itatu yomaliza ndi kope lodindidwa lija. Ofesala wa leba amaitana mbali zonse kuti mukambirane, ndipo akalephera kukuyanjanitsani nkhaniyo imapita ku khoti la za ntchito, lomwe lilinso mumzinda momuno.