Zomasulira mapepala a injiniya, samalani nazo

"Akuluakulu, injiniya watipatsa malangizo a konkiliti ndi zitsulo m'Chingerezi, koma foromani wathu chimamuvuta. Ndingomasulira ndekha m'Chichewa kapena?"

Achimwene, imani kaye. Ine zimenezi zinandidyera malipiro, mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa. Tinkathira silabu ya nyumba yosanja, mamita 8 mulitali, 6 mulifupi, kuchindikala mamilimita 150. Bwana kontirakitala anapatsa mphwake wa muofesi mapepala kuti amasulire, eti poti mwanayo anapita kusukulu. Munthu woti fosholo sanaigwirepo chibadwire! Pomwe injiniya analemba 1:2:4, iye analemba kuti thumba limodzi la simenti, mawilibala awiri a mchenga, anayi a kwale. Bwana n'kusainira, n'kutiuza kuti wosintha kalikonse pamenepa ntchito yamuthera.

Manambala ajatu amafuna muyezo umodzi pa zonse zitatu. Mukayeza simenti ndi ndowa, mchenga ndi kwale muyezenso ndi ndowa yomweyo. Thumba la makilogalamu 50 ndi malita pafupifupi 35, pomwe wilibala ya omanga imalowa malita 65, ndiye kuti matumba awiri. Choncho 1:2:4 yeniyeni ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale. Zomwe anatilembera zija zinali 1:4:8, konkiliti yoyala pansi pa maziko, osati yoti anthu azigona kunsi kwake. Ndinawauza bwana kuti ikuoneka yotuwa, kwale akungoyenda yekha popanda phala lomugwira. Anandiyankha pamaso pa anyamata anga kuti kodi iweyo unaphunzira kuposa injiniya? Silabu ngati imeneyo imadya matumba opitirira 40. Ife tinamaliza tisanafike pa 30, bwana n'kumasekerera kuti tapulumutsa simenti.

Pepala lomwelo, pamene injiniya ankanena zoti konkiliti isamalidwe masiku 7, mphwake uja analemba kuti "isiyeni iume masiku 7". Mu Okutobala, dzuwa lili phwee, bauza ya madzi anaibweza kuti n'kuwononga ndalama. Chonsecho simenti imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, ikauma msanga kulimbako kumaimira pomwepo. Zimafunika kuthirira m'mawa, masana ndi madzulo, kapena kufunditsa masaka onyowa kapena pulasitiki, ena amamanga kamzere ka matope m'mbali n'kudikha madzi pamwamba. Yathu tsiku lachitatu inali ming'alu yokhayokha ngati dambo la m'chilimwe, ukakanda ndi msomali fumbi kumatuluka.

Ndiye anabwera injiniya ndi zotsatira za makyubu, timabuloko ta konkiliti tija timatumiza kulabu kuti akatiyeze kulimba. Iye anafuna C20, kutanthauza kuti pa masiku 28 kyubu ipirire mphamvu ya 20 isanaphwanyike, ndipo pa masiku 7 imayenera kukhala itafika cha m'ma 13. Yathu sinafike ndi 8 yomwe. Anakwera pamwamba, anamenya ndi hamala pakona, chibuma n'kugwa, zitsulo poyera. Anangoti gumulani yonse. Bwana uja anatembenuka n'kundiloza ine kuti ndimagulitsa simenti usiku. Ine! Matumba otsala ali phee mu sitolo momwe anawasiyira yekha. Pepala lomasulira lija linasowa tsiku lomwelo, mphwake ali pa mpando wake mpaka pano, ine anandidula malipiro. Mulungu aziona yekha.

Ndiye inu masulirani ndithu, foromani asamangoganizira. Koma manambala ndi zilembo musazikhudze, zikopereni momwe zilili n'kufotokoza pambali. Mukaona Y12 @ 200 musalembe kuti zitsulo 12. Ndi chitsulo chamizeremizere chija, chonenepa mamilimita 12, chotalikirana mamilimita 200 kuchoka pakati pa china kufika pakati pa chinzake. Akalemba R m'malo mwa Y, ndi chitsulo chosalala. Akalemba kava ya 25, lembani kuti zitsulo zikhale pa timiyala ta simenti tokwera mamilimita 25 kuchoka pa shatala, matabwa ogwira konkiliti kunsi aja, apo ayi zidzachita dzimbiri silabu n'kuyamba kusuwa kunsi. Khoma lonyamula silabu musangoti khoma lolimba, wa mapaipi adzaliboola mosaopa. Lembani kuti ili lasenza za pamwamba, osagumula, osasema mopingasa.

Komabe kunena zoona pepala musalikhulupirire kwambiri, pa saiti anthu sawerenga. Khomani bokosi la matabwa la masentimita 30 kwa 30 kwa 40, limalowa thumba limodzi, muziyezera momwemo mchenga kawiri, kwale kanayi, madzi asapitirire malita 27 pa thumba ngakhale anyamata alire kuti ndi yolimba kusakaniza. Injiniya abwere aone mikisi yoyamba ndi maso ake, asainire pepala lanu la Chichewalo, mulijambule pa foni n'kulitumiza pa WhatsApp kwa mkazi wanu komwe, lisadzasowe.