Shifiti yodula pakati mulesitilanti: maola ake tiwawerenge bwanji?

Funso: Ndili ndi lesitilanti ku Limbe, antchito alipo anayi, timatseka Lamulungu lokha. Makasitomala amachuluka masana ndi madzulo basi, ndiye antchito onse ndinawauza azigwira 10 koloko m'mawa mpaka 2 koloko, kenako 5 koloko mpaka 9 koloko usiku. Ndi maola 8. Koma akudandaula kuti ndikuwadyera masuku pamutu, akuti tsiku lonse amakhala pantchito. Pakati paja sapita kwawo, amangokhala pompano, ndipo akabwera kasitomala amathandizako. Aliyense ndimamulipira K156,000 pamwezi. Ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ku Limbe

Mayi, kudula shifiti pakati si kulakwa. Malo odyera ambiri amatero, chifukwa njala ya anthu ili ndi nthawi yake, ndipo palibe bizinesi yaing'ono ingalipire anthu anayi kuti azingoyang'ana mipando yopanda anthu 3 koloko masana. Pamene pakuvuta m'pakuti maola 8 anuwo ndi olembedwa pakhoma, pomwe antchito anu akuwerenga maola amene thupi lawo lagwiradi ntchito. Ndipo ndikuuzeni mosabisa, pankhaniyi iwowo ali pafupi ndi choonadi kuposa inu.

Tiyambe ndi zomwe lamulo limanena. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo munthu wogwira masiku 6 pasabata asapitirire maola 8 patsiku. Maola opitirira pamenepo ndi ovataimu. Pa tsiku wamba ovataimu imalipidwa ola ndi theka, kutanthauza kuti ola limodzi mumalipira ngati ola limodzi ndi hafu. Mukamuitana munthu pa tsiku lake lopuma kapena pa tsiku la tchuthi cha boma, ola lililonse mumalipira kawiri. Choncho funso lenileni ndi lakuti, pa tsiku la wantchito wanu, ndi maola ati amene ali a ntchito?

Muyeso wake ndi umodzi. Ola ndi lanu ngati wantchito sangachoke popanda kukupemphani. Ola ndi lake ngati angathe kuvula epuloni, kutuluka pageti, kupita kumsika kapena kukagona kumbuyo, ndipo palibe angamuitane. Munthu amene wakhala pabenchi kudikira kasitomala sakupuma ayi, ali pantchito ngakhale manja ake ali pamiyendo, chifukwa mwamumangirira pamalopo. Mukamuuza kuti "ukhale pafupi, mwina kubwera anthu," nthawi imeneyo mwaigula, ndipo yofunika kuilipira.

Tiyeni tiwerenge tsiku limodzi monga limayendera m'malesitilanti ambiri otere, kenako inu mufanizire ndi zapanu. Kuti chakudya chipse pofika masana, wina amafika 9:30 kudzakoleza mbaula, kusesa ndi kutereka nyemba. Wotchi ikakwana 2 koloko sangosiya mbale zili mbwee n'kumapita, amatsuka, kupukuta matebulo, n'kumaliza 2:30. Chigawo choyamba chakwana maola 5, osati 4. Pakati paja pabwera makasitomala awiri atatu, komanso mwamutuma kukatenga tomato: tinene mphindi 45. Madzulo ayamba 5 koloko, kasitomala womaliza wadzuka 9:10, ndiye kutsuka mapoto, kukolopa, kuwerengera ndalama ndi kutseka kwafika 9:45. Amenewo ndi maola 4 ndi mphindi 45. Tikaphatikiza zonse tikupeza maola 10 ndi theka.

Tsopano ndalama. K156,000 tikaigawa ndi masiku 26 ogwira ntchito pamwezi ndi K6,000 patsiku, ndipo tikagawanso ndi maola 8 ndi K750 pa ola. Ola la ovataimu ndiye kuti ndi K1,125. Maola awiri ndi theka owonjezera aja ndi K2,812.50 patsiku, ndipo pamwezi ndi K73,125 kwa munthu mmodzi. Imeneyi ndi pafupifupi theka la malipiro ake. Mwina kwanuko sizifika pamenepa tsiku lililonse, koma ngakhale litakhala ola limodzi lokha patsiku, ndi K29,250 pamwezi. N'chifukwa chake madandaulowa musawatenge ngati ulesi kapena mwano. Nkhani ngati iyi ikafika ku ofesi ya zantchito ya boma, adzafuna kuona kaundula wa maola, ndipo pepala la pakhoma lonena 10 mpaka 2 silidzakuthandizani ngati antchito anayi onse akunena zofanana.

Palinso mtengo wina umene suoneka m'buku lanu, koma wantchito amaumva. Munthu wokhala ku Bangwe kapena ku Ndirande kuti apite kwawo masana n'kubweranso, ndiye kuti akwere minibasi kanayi patsiku m'malo mwa kawiri. Tingoyerekeza kuti ulendo umodzi ndi K1,500. Maulendo awiri owonjezerawo ndi K3,000, theka la ndalama ya tsiku lonse. Palibe angachite zimenezo, n'chifukwa chake amangokhala pamalo panu. Ndiye kuchoka 9:30 m'mawa mpaka 9:45 usiku ndi maola opitirira 12 ali kutali ndi kwawo, kuwonjezerapo ulendo. Mayi wa ana sawaona ali maso, ndipo sangachiteko kageni kena kalikonse. Maola apakatiwo inu simunawalipire, koma iyenso sanapindule nawo.

Njira yokonzera siyofuna kulemba munthu wachisanu. Cholakwika chachikulu m'ndondomeko yanu n'chakuti onse anayi amaduka nthawi imodzi pomwe chitseko chili chotsegula, ndiye sizingatheke kuti wina asagwire ntchito pakatipo. Asiyanitseni motere. Mmodzi akhale wam'mawa, alowe 8:30 n'kuweruka 5:30 madzulo, apume ola limodzi kuyambira 2:30. Ameneyu ndiye wokoleza moto ndi kukonza ndiwo. Wachiwiri akhale wamadzulo, alowe 12:30 masana n'kuweruka 9:30 usiku, apume ola limodzi kuyambira 3:30. Awiri otsalawo ndiwo a shifiti yodula: 10:30 mpaka 2:30, kenako 5:30 mpaka 9:30.

Taonani mmene tsiku likuyendera. Pa nthawi ya nkhomaliro, kuyambira 12:30, onse anayi alipo. Kuyambira 2:30 mpaka 3:30 wamadzulo ndiye akuyang'ana makasitomala, kenako wam'mawa amulandira mpaka 4:30, ndipo ola lotsatira awiriwo akonzera limodzi zamadzulo. Usiku muli ndi anthu atatu. Aliyense wagwira maola 8 enieni, kutsuka ndi kutseka zili m'kati momwemo, ndipo awiri oduka aja palibe chifukwa chowaitanira. Kuti 9:30 ikhale 9:30 yeniyeni, lekani kulandira maoda 8:45. Mukapitiriza kulandira mpaka 9 koloko, vuto lija libwereranso kudzera kukhomo la usiku.

Shifiti yodula ndi yowawa kuposa zinazo, choncho isakhale ya anthu omwewo chaka chonse, makamaka isakhale ya amene walowa kumene kapena amene sadziwa kukana. Azisinthana sabata ndi sabata, kuti pa masabata anayi aliyense agwire awiri odula, imodzi yam'mawa ndi imodzi yamadzulo. Kusinthanako kuzichitika Lolemba, pambuyo pa Lamulungu lopuma, kuti wina asaweruke 9:30 usiku n'kulowanso 8:30 m'mawa mwake. Ine ndimalangiza kuti pakati pa kuweruka ndi kulowanso pazikhala maola osachepera 12. Abale athu ogwira m'malo odyera ku Joni amaudziwa muyeso umenewu, chifukwa lamulo lalikulu la zantchito la ku South Africa la 1997 limanena za kupuma maola 12 otsatizana pakati pa tsiku ndi tsiku linzake. Ndondomeko ya sabata ikubwerayo muziimata pakhoma pofika Lachisanu, kuti wofuna kusinthana ndi mnzake chifukwa cha sikelo ya mwana kapena ukwati anene nthawi ilipo.

Pali malire ake. Kusinthana kotereku kumatheka ngati aliyense angathe kuphika nsima ndi ndiwo za tsiku ndi tsiku komanso kuperekera chakudya. Ngati wophika weniweni ndi mmodzi yekha, iyeyo adzakhala wa shifiti yodula nthawi zonse, ndipo pamenepo chilungamo chake chiyenera kuonekera m'malipiro mpaka mutaphunzitsa wina.

Apa ndiye pakubwera kangachepe ka shifiti yodula. Awa ndi malangizo anga, musawatenge ngati ndime ya lamulo: tsiku lililonse limene munthu wagwira yodula, muwonjezereni ndalama ya ola limodzi, K750, ndipo adye nkhomaliro pamalopo. Anthu awiri pa masiku 26 ndi K39,000 pamwezi. Ifanizireni ndi K73,125 ya munthu mmodzi ija, muona kuti mwapulumutsa zambiri. Apatseninso malo okhala kumbuyo, kumene kasitomala sangawaone n'kuwakodola. Ndipo ganizirani za ulendo wa usiku. Nthawi ya 9:30 maminibasi amakhala atachepa, ndipo mtsikana woyenda yekha ndi foni m'thumba ali pachiopsezo. Kugwirizana ndi wanjinga yamoto kapena wataksi mmodzi wodalirika n'kotsika mtengo kuposa kutaya wantchito wabwino.

Chotsala ndi kalembedwe, ndipo pamenepa m'pamene mikangano imathera kapena kuyambira. Gulani kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse munthu aliyense akhale ndi mzere wake wokhala ndi malo anayi: kulowa, kutuluka, kulowanso, kuweruka. Alembe yekha nthawi yeniyeni imene wotchi ya pakhoma ikuonetsa, asaine, ndipo wotchiyo ikhale imodzi ya onse. Musalole kuti sabata yonse ilembedwe Loweruka kuchokera m'mutu. Ngati tsiku lina kwabwera gulu la anthu 3 koloko ndipo mwapempha woduka kuti athandize, alembe mphindi zimenezo pambali nthawi yomweyo. Powerengera, gwiritsani ntchito zigawo za mphindi 15 ndipo muyeso ukhale wofanana mbali zonse. Ngati mumadula munthu akachedwa mphindi 15, muzimulipiranso akapitirira mphindi 15. Loweruka lililonse phatikizani maola pamaso pake, nonse musaine.

Kopelo lidzakuuzaninso ngati ndondomeko yanu ikunama. Mukaona kuti nthawi zonse zalembedwa ndendende 10:30 ndi 2:30 popanda kusiyana ngakhale mphindi zisanu, dziwani kuti anthu akungokopera za pakhoma. Mukaona ovataimu ikubwera pa ola lomwelo tsiku ndi tsiku, ndiye kuti ola limenelo likufunika munthu, sunthani shifiti m'malo molipira ola ndi theka mwezi wonse.

Za miyezi yapitayi musazikwirire. Khalani nawo pansi anayi onse, muwerengere limodzi maola owonjezera monga tachitira pamwambapa, mugwirizane ndalama ndi kalipiridwe kake ngakhale pang'onopang'ono, ndipo mulembe n'kusainirana. Maola atsopanowa ndi kangachepe kaja zilowenso m'kalata ya ntchito ya aliyense musanayambe kuzitsatira.