Ola limodzi lowonjezera pa pulena likubweretserani zingati?

"Ndili ndi shopu ya ukalipentala ku Luwinga. Pulena ndi imodzi, imagwira maola 8 pa tsiku koma maoda akungounjikana. Anyamata awiri akuti angamatsalire ola limodzi madzulo ndikamawapatsa K5,000 aliyense. Chitseko ndimagulitsa K90,000, zipangizo zake zimadya K54,000. Mlamu wanga wawerengera lendi ndi malipiro, akuti phindu pa chitseko ndi K8,000 basi, ndiye ovataimu ingodya zonse. Ndivomere?"

Vomerani achimwene, koma muyambe mwaona kaye zinthu ziwiri zimene nditchule kumunsiku.

Alamu anuwo masamu awo sanalakwitse, kungoti ayankha funso lina. Atenga lendi, malipiro a pamwezi ndi zina zotero, n'kuzigawa pa chitseko chilichonse, mpaka chitseko chasenza K28,000. Kawerengedwe kameneko n'kothandiza pofuna kudziwa ngati shopu yonse ikuyenda pakutha pa chaka. Koma dzifunseni: anyamatawo akatsalira madzulo, kodi eni nyumba akweza lendi? Mlonda alandira zambiri? Ayi. Ndalama zimenezo mumalipira kale, pulena ilire kapena ikhale chete. Choncho siziyenera kulowa m'masamu a ola lowonjezerali.

Chofunika ndi ndalama imene imatsala mukachotsa pa mtengo wogulitsira zinthu zokhazo zimene zimathera m'chitsekomo: matabwa, guluu, misomali, sandipepa, vanishi. Owerengera ndalama amaitcha thuruputi, ndipo amene anatchukitsa kawerengedwe kameneka m'zaka za m'ma 1980 ndi Eliyahu Goldratt wa ku Israeli. Pa chitseko chanu ndi K36,000. Ngati pali mmisiri amene mumamulipira pa chitseko chilichonse chimene wakhoma, ndalama yakenso muichotse pomwepo, chifukwa imakwera limodzi ndi zitseko. Wa pamwezi musamuwerengere.

Tsopano muigawe ndi nthawi imene chitseko chimakhala pa makina amene akuchedwetsa ntchito.

```
(mtengo - zipangizo) / maola a pa pulena = ndalama pa ola
```

Nthawi simunaitchule, ndiye ndingoyerekeza kuti matabwa a chitseko chimodzi amatha mphindi 30 akupalidwa. Ola limodzi ndi zitseko ziwiri, K72,000. Chotsanipo K10,000 ya anyamata, ndi magetsi pamodzi ndi kunoletsa mipeni, tinene K4,000. Zatsala K58,000. Mwa kawerengedwe ka alamu anu ola lomwelo likanaoneka ngati la K2,000, ndipo mukanalikana.

Kawerengedwe komweka kakuuzaninso choti chiyambe kupalidwa, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka. Tinene kuti mumapanganso mabedi, limodzi K220,000, zipangizo K130,000. Zotsala ndi K90,000, ndipo aliyense anganene kuti bedi ndiye lonona kuposa chitseko. Koma bedi lili ndi miyendo, zam'mbali, kumutu ndi timatabwa togonekapo matiresi, ndipo chilichonse chimafuna kupalidwa mbali zinayi. Likamadya ola ndi theka pa pulena, ndiye kuti likubweretsa K60,000 pa ola, pamene chitseko chikubweretsa K72,000. Malinga ngati pulena ndi imene ikuthina, kutanthauza kuti ndiyo ikuchedwetsa ntchito yonse, chitseko chizikhala patsogolo pa mzere ngakhale chikuoneka chotchipa.

Choyamba choti muone n'chakuti ola lachisanu ndi chinayilo lidzapala chiyani kwenikweni. Ndalama imawerengedwa katundu akagulidwa, osati akatsamira pakhoma. Ngati maoda onse a zitseko mumawakwanitsa kale m'maola 8 aja, ndipo amene akudikira ndi a mabedi, ola lanu lowonjezera ndi la K60,000, osati K72,000, ndipo mukachotsa K14,000 ija zitsala K46,000. Zikadali zabwino. Koma tsiku limene maoda adzathe, ola lomwelo lidzasanduka K14,000 yotuluka popanda cholowa, kuphatikizapo ndalama zanu zogona m'zitseko zopanda mwini. Tsegulani kabuku ka maoda, muwerenge okhawo amene anapereka dipoziti. Amene anangoti "ndibweranso mwezi ukatha" asiyeni pambali. Mukumbukirenso kuti zitseko ziwiri zowonjezera pa tsiku zikufuna K108,000 ya zipangizo tsiku lililonse, ndipo ogulitsa matabwa a paini sadikira kuti kasitomala wanu alipire.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu: mutsimikize kuti pothina ndi pa pulenadi. Mwini shopu amakonda kuloza makina amene anagula modula. Imani pakhomo cha m'ma 10 koloko m'mawa mungoyang'ana. Ngati kutsogolo kwa pulena kuli mulu wa matabwa osapala, kwinaku amisiri okhoma akusewera ndi mafoni podikira, mwapeza malo ake. Koma ngati matabwa opalapala ndi amene aunjikana pafupi ndi benchi, kapena zitseko zandandalikana kudikira kuti vanishi aume, pothina pali kwina, ndipo ola lowonjezera pa pulena lingokulitsa mulu. Kuno kwathu zimenezi zimasintha ndi nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukachita nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, vanishi amachedwa kuuma, moti shopu imene mu Okutobala imathina pa pulena ikhoza kuthina pa malo oumitsira.

Ngakhale patakhala pa pulena lero, ola lachiwiri kapena lachitatu lowonjezera silidzabweretsa zofanana ndi loyamba. Amisiri anu okhoma ali ndi malire awo. Ngati pa tsiku amatha zitseko 18 ndipo pulena imawapatsa za 16, ola limodzi lokha ndi limene lili ndi phindu. Kupitirira apo mwasamutsa vuto.

Musanayambe kulipira ovataimu, ikani kope pambali pa pulena kwa sabata imodzi. Mnyamata azilemba nthawi imene yayamba kulira, imene yaima, ndi chifukwa chake. Ine sindikhulupirira kuti maola 8 amene mwatchulawo onse ndi opala. Pamakhala kusesa utuchi, kusintha mipeni, kusaka thabwa loyenera pa mulu, ndi kukadya nsima masana onse nthawi imodzi. Anyamata awiriwo akamasinthana popita kokadya, mwapeza ola la K72,000 osalipira ovataimu. Mipeni izisinthidwa m'mawa ntchito isanayambe, ndipo pakhale ina yonolanola yodikira. Matabwa asankhidwe asanafike pa makina: lonyowa, la msomali kapena la mfundo yosweka lichotsedwe likadali pa mulu. Thabwa lauwisi lochokera ku Chikangawa limapalika ndithu, koma likapindika patatha masiku, mwataya thabwalo pamodzi ndi mphindi za pulena zimene sizibwerera.

Nambala yomweyi ndi imene muyezere nayo jenereta. Magetsi akazima kwa ola limodzi maoda ali mbwee, simunataye K10,000 ya malipiro yokha, mwataya K72,000. Ngati kubwereka jenereta ndi kuthira dizilo kukudya K20,000 pa ola, musazengereze, bola ikhale yokwanitsa kudzutsa mota ya pulena, chifukwa poyamba kuzungulira imakoka mphamvu zambiri kuposa ikamayenda.

Muyese ovataimuyo kwa milungu iwiri, ndipo anyamatawo muwauziretu kuti n'zoyeserera. Pamapeto musawerenge matabwa opalidwa, muwerenge zitseko ndi mabedi zimene zatuluka pageti zitalipiridwa, muyerekeze ndi milungu iwiri yam'mbuyo. Ngati sizinachuluke, mufufuze pamene mulu wasamukira.