Kufufuza kwanu komwe: mulemba chiyani za inu mwini?

"Ndikufufuza za alimi a fodya kwathu kwa Santhe, ku Kasungu. Aphunzitsi akuti ndilembe za malo anga pa kafukufukuyu. Ndilembemo chiyani, poti ndine mwana wa konko?"

Achimwene, musangolemba kuti "ndine Mchewa, ndinabadwira konko" n'kuthera pomwepo. Onetsani mmene kukhala wa m'mudzi kwasinthira zimene anthu akukuuzani.

Tengani kucheza kumodzi. Tinene kuti bambo anu ali ndi munda waukulu ndipo amalemba matenanti. Mwafunsa tenanti za ngongole ya chimanga imene amamudula fodya akagulitsidwa, iye n'kuyankha kuti "zonse zili bwino, bwana." Lembani amene anakuperekezani, pamene munakhala, kaya pakhonde la mwini munda kapena kuchigafa, ndi amene ankamvetsera. Kenako nenani poyera kuti yankholo mwina linapita kwa mwana wa bwana, osati kwa wofufuza. Pomaliza fotokozani chimene munachitapo, monga kupempha mnzanu wochokera kwina kuti akafunsenso.

Samalaninso ndi mawu akuti "inu mukudziwa kale." Anthu akwanu sakufotokozerani zambiri poganiza kuti mukuzidziwa. Mukaona kuti mwadzaza mipatayo ndi zokumbukira zanu, zilekanitseni ndi zimene munamva pakamwa pawo.